Kugawa Netiweki ya 5G m'Zigawo: Zimene Chigawo Chingatsimikize ndi Zimene Sichingatsimikize

Kugawa netiweki m'zigawo ndi njira imene kampani ya mafoni imagwiritsa ntchito pofuna kuti nsanja zake, nthambo zake ndi makompyuta ake omwewo azitumikira magulu osiyana a makasitomala ngati kuti gulu lililonse lili ndi netiweki yakeyake. Chigawo chimodzi chikhoza kukhala cha anthu wamba oonera mavidiyo, china cha makina olipirira katundu, china cha zipangizo zoyezera madzi m'minda yothirira. Palibe nsanja yatsopano imene imamangidwa. Chimene chimasintha ndi malamulo a m'makompyuta onena za amene ayenera kuyamba kutumikiridwa, komanso kuchuluka kwa zimene apatsidwe.

Malamulowa anakhazikitsidwa ndi bungwe la 3GPP, limene limalemba miyezo ya mafoni a m'manja padziko lonse, m'gulu la miyezo lotchedwa Release 15 la chaka cha 2018. Chigawo chilichonse chili ndi nambala yochizindikiritsa yotchedwa S-NSSAI, ndipo mbali yoyamba ya nambalayi imanena mtundu wa ntchito: 1 ndi intaneti yothamanga, 2 ndi mauthenga ofunika kufika msanga ndiponso mosalephera, 3 ndi zipangizo zing'onozing'ono zambirimbiri. Foni imodzi ikhoza kukhala m'zigawo zosaposa 8 panthawi imodzi. Komabe nambalayi ndi dzina chabe. Kulembedwa 2 sikuchititsa uthenga kufika msanga ngati kampani sinapatule zinthu zenizeni kumbuyo kwa dzinalo.

Zinthu zenizenizo zili pa nsanja, chifukwa ndi pamene pamakhala pothina. Nsanja imene ili ndi mafunde okwana megahezi 100, monga zimakhalira kawirikawiri pa 5G, imadula mafundewo m'timagawo 273, ndipo pa theka la milisekondi iliyonse imasankha foni zoti zipatsidwe timagawoto. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kampani ikhoza kupatula timagawo ta chigawo m'njira ziwiri. Ikhoza kutisunga kotheratu, moti ena satigwiritsa ntchito ngakhale eni ake atakhala chete, ndipo njirayi ndi yokwera mtengo. Ikhozanso kulola ena kutibwereka pamene eni ake sakutifuna, n'kutibweza akangotifuna. Njira zonse ziwiri zimagwiradi ntchito, ndipo lonjezo la chigawo lagona pamenepa: khamu la anthu ena silingalande gawo limene lapatulidwa.

Gawo la mafunde si liwiro, ndipo kusiyana kwa ziwirizi ndiko kumasokoneza ogula ambiri. Chitsanzo chongoyerekezera ndi msika waukulu umene amalonda ake agula chigawo cha makina 200 olipirira, kampani n'kuwapatulira 20 peresenti ya nsanja. Zimenezi ndi timagawo pafupifupi 55, kapena megahezi pafupifupi 20. Makina amene ali pabwalo moyang'anizana ndi nsanja amamva mafunde bwino, choncho megahezi iliyonse ikhoza kunyamula megabiti ngati 5 pa sekondi, ndipo chigawo chonse chimapereka megabiti 100. Makina omwewo akakhala m'kati mwa nyumba yosungiramo katundu ya makoma ochindikala ndi denga la malata, kapena kumalire kumene mafunde a nsanja amathera, nsanja imakakamizika kutumiza pang'onopang'ono ndi kubwereza zimene zatayika. Pamenepo megahezi iliyonse ikhoza kunyamula theka la megabiti, ndipo chigawo chonse chimatsika kufika pa megabiti 10. Kampani yasunga lonjezo lake la 20 peresenti, koma liwiro latsika kakhumi.

Kwa makina olipirira kutsikaku sikungadetse nkhawa kwenikweni. Megabiti 10 zogawidwa kwa makina 200 ndi kilobiti 50 pa makina alionse, ndipo uthenga wa malipiro ndi waung'ono. Vuto limabwera amalondawo akawonjezera makamera achitetezo 10 m'chigawo chomwecho, iliyonse yofuna megabiti ngati 4. Makamerawo akufuna 40 pamene chigawo chili ndi 10, ndiponso amatumiza kuchokera pansi kupita kunsanja, mbali imene kawirikawiri imapatsidwa nthawi yochepa kuposa yotsitsa. Chigawo chimateteza eni ake kwa anthu akunja, koma sichiwateteza kwa anzawo a m'kati pokhapokha mgwirizano utanena kuti malipiro aziyamba ndiwo, komanso utaika malire a chiwerengero cha zipangizo zololedwa.

Nambala ina yotchuka ndi milisekondi imodzi. Inachokera ku bungwe la ITU, limene linafuna kuti 5G izitha kufikitsa kauthenga ka mabaiti 32 m'milisekondi imodzi, kolephera kamodzi kokha pa maulendo 100,000. Muyezowu ukunena za mtunda wa pakati pa foni ndi nsanja basi. Kuwala m'nthambo za faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200 pa milisekondi, choncho uthenga wochoka ku Blantyre kupita ku kompyuta ya ku Lilongwe ndi kubwerako umatha milisekondi ngati 3 m'nthambo mokha, osawerengera kuima pa makina a m'njira. Kompyutayo ikakhala ku Ulaya, nthawiyo imapitirira milisekondi 100. Ulamuliro wa chigawo umathera pa chipata chimene netiweki ya kampani imakumanirana ndi intaneti ya onse, ndipo kuchedwa kwa banki kapena kwa kompyuta yakunja kuli kutsidya kwa chipatacho.

Zigawo zonse zimadaliranso magetsi amodzi ndi nthambo imodzi yochoka pa nsanja. Mabatire akatha kapena faiba ikadulidwa, chigawo chodula ndi chotchipa zimazimira limodzi. N'chifukwa chake mawu akuti 99.9 peresenti ayenera kuwerengedwa mosamala: m'mwezi wa masiku 30 amalola mphindi 43 zopanda netiweki, ndipo mphindizo zikhoza kugwa pa ola la malonda ambiri popanda mgwirizano kuphwanyidwa. Ngati peresentiyo ikuwerengedwa pa nsanja zonse za m'boma, nsanja imodzi ikhoza kuzima tsiku lathunthu chiwerengero chikuonekabe chabwino.

Pali chinthu china chofunika kufunsa ndalama zisanaperekedwe. Zigawo zenizeni zimafuna 5G yoima payokha, yolembedwa SA, imene makompyuta ake oyendetsera ndi a 5G. Netiweki zambiri zinayamba ndi mtundu wa NSA, umene mafunde ndi a 5G koma makompyuta oyendetsera ndi a 4G. Chizindikiro cha 5G pamwamba pa foni sichisiyanitsa mitundu iwiriyi. Foni ndi simukhadi ziyeneranso kukhala zovomerezeka m'chigawocho, ndipo wamalonda akatuluka m'dera lake foni n'kugwera pa 4G, kulumikizana kukhoza kupitirira koma gawo lopatulidwa lija limatsala m'mbuyo.

Kuyesa ngati chigawo chikugwira ntchito sikufuna zida zapadera. Pamafunika foni ziwiri zofanana, ina ya m'chigawo, ina ya wamba, zoikidwa pamalo enieni ogwirira ntchito, osati pakhomo pamene mafunde ali bwino. Kuyesa m'mawa msika usanadzaze sikusonyeza kanthu, popeza nsanja yopanda anthu imatumikira aliyense bwino. Pa tsiku la msika, foni ya wamba ikafooka ya m'chigawo n'kukhalabe momwe inalili, gawo lapatulidwadi. Zonse zikafooka pamodzi pa maola odzaza okha, gawolo kulibe kapena ladzaza m'kati. Zonse zikakhala zofooka usana ndi usiku, vuto ndi mafunde a pamalopo, ndipo chofunika ndi mlongoti wakunja kapena kansanja kakang'ono ka m'nyumba, osati chigawo chokulirapo.