Chotseka Intaneti cha VPN: Ntchito Yake ndi Nthawi Imene Chimateteza

Foni ikalowa pa intaneti kudzera pa Airtel kapena TNM, imapatsidwa nambala yotchedwa adiresi ya IP. Nambalayi sisonyeza nyumba ya munthu, koma imaulula dziko ndi kampani imene akugwiritsa ntchito. Pulogalamu ya VPN imabisa nambalayi podutsitsa uthenga wonse pa kompyuta ya kwina, kotero kuti tsamba lililonse limaona adiresi ya kompyutayo.

VPN ikaduka, foni siyembekeza, imayambiranso kutumiza uthenga pa njira yake ya masiku onse popanda kuchenjeza mwini wake. Chotseka intaneti, chimene m'mapulogalamu chimalembedwa kuti `Kill Switch`, chimaimitsa intaneti yonse mpaka VPN italumikizikanso.

Mwachitsanzo, wamalonda a nandolo amene wakwera minibasi pa Nsanama kupita ku Liwonde angathe kusiya tsamba la ogula lili chitsegukire. Netiweki ikasowa panjira, palibe chimene chimaululika, pakuti palibe uthenga umene ukutuluka. Ngozi imabwera netiweki ikabwerera, chifukwa foni imalumikizika msanga pamene VPN ikadafunafuna kompyuta yake. M'masekondi ochepawo tsambalo limaona adiresi yeniyeni. Zimachitikanso foni ikachoka pa Wi-Fi kupita pa data, kapena ikatseka yokha VPN pofuna kusunga batire. Chotseka intaneti chikakhala choyatsa, tsambalo limangoima osalandira kanthu.

Pa mafoni a Android 8 ndi otsatira ake, munthu amalowa mu `Settings`, n'kufufuza mawu akuti `VPN`, n'kudina chizindikiro chimene chili pambali pa dzina la pulogalamuyo. Pamenepo amayatsa ziwiri izi:

```
Always-on VPN
Block connections without VPN
```

Choyamba chimayatsanso VPN ikazima. Chachiwiri ndicho chimatseka intaneti, ndipo kuyatsa choyamba chokha sikukwanira.

Kuti atsimikize, mwini foni adule VPN mwadala, kenaka atsegule tsamba la `ipleak.net`. Tsambalo likakana kutseguka, ndiye kuti chitetezo chikugwira ntchito. Likatseguka n'kuonetsa Malawi ndi dzina la kampani ya foni, ndiye kuti adiresi yeniyeni ikuonekera.

Chitetezochi chili ndi malire ake. Sichibisa malo amene GPS ikuonetsa, nambala ya foni, kapena dzina limene munthu walowera pa Facebook. Kuimba foni, mauthenga a SMS ndi kutumiza ndalama poimba manambala a Airtel Money kapena Mpamba sizidutsa pa VPN. Kompyuta imene ikugawiridwa intaneti kuchokera pa foni nayonso kawirikawiri imafunika VPN yakeyake.

Wogwiritsa ntchito adziwenso kuti nthawi yolipirira VPN ikatha, intaneti yonse imaima ngakhale bandulo ilipo. Asanagule bandulo ina, ayambe waona ngati VPN yalumikizika.