Lijiyoni ya Aroma pa Nkhondo ya Boudica

Cha m'ma 60 AD, Boudica, mfumukazi ya Aiseni ku Britain, anaukira Aroma ndi chikhamu chachikulu. Suetonius Paulinus anali ndi asilikali pafupifupi 10,000 okha. Anasankha malo opanikizika, nkhalango ili kumbuyo, kuti adani asamuzinge. Asilikali ake anaima chilili mpaka adani atayandikira, kenako anaponya nthungo zolemera zotchedwa pilum. Atatero anayenda pamodzi mothinana, akubaya ndi lupanga lalifupi, gladius. Msilikali wozolowera kuyeserera tsiku ndi tsiku sachoka pamzere ngakhale mantha atamugwira, ndipo apa ndi pomwe panagona mphamvu yawo. Ankhondo a Boudica anapanikizana okhaokha, ndipo pothawa anatsekerezedwa ndi ngolo zawo zomwe.