Mabungwe Othandiza Anthu ndi Msonkho wa Holo Yochititsa Lendi

Ku Area 43 mumzinda wa Lilongwe kuli nyumba zambiri zimene anazimanga kuti mukhale mabanja koma lero ndi maofesi. Pageti pali chikwangwani cha bungwe, mkati muli magalimoto oyera olembedwa dzina la pulojekiti, ndipo chipinda chimene chinali chochezera ndicho amachitiramo misonkhano. Chiyambireni Januwale 2025, pamene boma la America linaimitsa thandizo lodzera ku USAID, oyendetsa mabungwe ambiri oterewa akusinkhasinkha zopeza ndalama paokha. Ena akuchititsa lendi holo, ena akugoneka alendo m'zipinda za kuseri, ena akugulitsa ukatswiri wochita kafukufuku. Ambiri amalowa m'zimenezi akukhulupirira kuti bungwe lothandiza anthu silikhoma msonkho. Lamulo silinena choncho.

Chimene lamulo la misonkho la Malawi limanena chili m'ndandanda woyamba wa kumapeto kwake, momwe muli ndalama zokhululukidwa msonkho. Mmenemo mwatchulidwa ndalama zolandiridwa ndi mipingo, mabungwe achifundo ndi a maphunziro amene amatumikira anthu onse. Koma pomwepo pali mawu ena aafupi onena kuti chikhululukirocho sichikhudza ndalama zochokera m'bizinesi. Choncho chokhululukidwa si bungwe lathunthu, koma mtundu wa ndalama. Bungwe limodzi lomwelo lingathe kukhala ndi ndalama zina zosakhoma msonkho ndi zina zokhoma, ngakhale zonse zitalowa mu akaunti imodzi ya kubanki tsiku limodzi.

Mawu oti kutumikira anthu onse ndi ofunika kuwamvetsa. Gulu la anthu apachibale amene amasonkherana fizi ya ana awo okha likuchita zabwino, koma silikutumikira anthu onse. Ganizo limeneli linachokera ku malamulo a ku Britain, amene malamulo athu ambiri anatengerako. Mu 1891 khoti lalikulu la kumeneko linagamula mlandu wa Pemsel, msungichuma wa mpingo wa Moravian, amene ankalimbana ndi otolera msonkho pa ndalama zothandizira ntchito ya mishoni. Woweruza wina, Lord Macnaghten, anagawa ntchito zachifundo m'magulu anayi: kuthandiza osauka, kupititsa patsogolo maphunziro, kupititsa patsogolo chipembedzo, ndi ntchito zina zopindulitsa anthu wamba. Mpingowo unapambana, ndipo magulu anayiwo akugwirabe ntchito m'maiko ambiri amene ankalamulidwa ndi Britain.

Kulembetsa bungwe nakonso kumasokoneza anthu. Bungwe lingalembetsedwe pa lamulo la matrasiti kapena ngati kampani yopanda ogawana phindu, kenaka n'kukalembetsa ku NGORA, imene inalowa m'malo mwa NGO Board lamulo la mabungwe litasinthidwa mu 2022. Masatifiketi amenewa amapatsa bungwe chilolezo chogwira ntchito. Nkhani ya msonkho ili m'manja mwa MRA, ndipo bungwe liyenera kukhala ndi nambala ya TPIN monga wina aliyense wokhoma msonkho. Satifiketi ya NGORA yopachikidwa pakhoma siyankha funso la wofufuza mabuku wa MRA.

Tsono chopereka n'chiyani, ndipo malonda n'chiyani? Chopereka ndi ndalama imene mwini wake sayembekezera kulandirapo kanthu. Wopereka angathe kuika malamulo okhwima, monga kunena kuti ndalamayo ikumbire mijigo khumi ku Dowa ndipo lipoti libwere miyezi itatu iliyonse, komabe madziwo amwa ndi anthu a ku Dowa, osati iye. Pa malonda, wolipira amalandira chinthu chake: holo ya tsiku limodzi, bedi la usiku umodzi, kapena lipoti la kafukufuku limene akaligwiritse ntchito pa zake. Mutu wa pepala la mgwirizano ungalembedwe kuti thandizo, koma ngati bungwe linapikisana ndi makampani pa tenda, n'kupereka invoyisi, n'kusunga zotsala popanda kuzibweza kwa wolipira, zimenezo zikuonetsa malonda.

Pano ndi pamene oyendetsa mabungwe amadandaula. Amati phindu la holo silipita m'thumba la munthu, limagula mankhwala ndi mabuku a ana amasiye. Zimenezo n'zoona, koma lamulo limafunsa kumene ndalama yachokera, osati kumene ikupita. Chifukwa chake chimaoneka pamsewu womwewo. Mwini loji wa pafupi amakhoma msonkho pa phindu lake. Bungwe loyandikana naye likamagoneka alendo osakhoma kanthu, lingatsitse mitengo mpaka kumulanda makasitomala onse. Ku America anaphunzira izi ndi fakitale ya makaroni ya Mueller, imene mu 1947 inagulidwa kuti phindu lake lizipita ku sukulu ya zamalamulo ya New York University. Makampani anzake anadandaula, ndipo mu 1950 nyumba ya malamulo inaika msonkho pa mabizinesi a mabungwe amene sakugwirizana ndi cholinga chawo.

Kuti zimveke, tiyerekeze bungwe la ku Area 43 komweko, ndi ziwerengero zongopeka kuti masamu aoneke. M'chaka chimodzi lalandira K200 miliyoni kuchokera kwa othandiza akunja ndi K10 miliyoni kuchokera kwa anthu akufuna kwabwino. K210 miliyoni imeneyi ilibe msonkho wa phindu, ngakhale K15 miliyoni itatsalako chaka chikatha; zotsala za chopereka si phindu la bizinesi. Bungwe lomwelo lapeza K60 miliyoni pochititsa lendi holo, kuphikira amisonkhano ndi kugoneka alendo.

Msonkho sugwera pa K60 miliyoni yonseyo. Choyamba amachotsa zimene zinalowa m'bizinesiyo mwachindunji: chakudya, malipiro a ophika ndi okonza m'zipinda, sopo, zofunda zochapitsa. Tinene kuti zakwana K30 miliyoni. Kenaka pali zolipira zimene ofesi ndi holo zimadyera limodzi, monga magetsi a ESCOM, madzi a Lilongwe Water Board, mafuta a jenereta ndi alonda a pageti, zokwana K24 miliyoni. Ngati holo ndi zipinda zogona zikutenga gawo limodzi mwa magawo anayi a malo onse, bizinesi ingatengeko K6 miliyoni yokha. Phindu lotsala ndi K24 miliyoni. Pa mlingo wa 30 peresenti, umene makampani a m'dziko muno amakhoma, msonkho ukhala K7.2 miliyoni.

Pa kugawa zolipira zimenezi ndi pamene mabungwe ambiri amagwera m'dzenje. Ena amakankhira malipiro onse a mkulu wa bungwe ndi mafuta a magalimoto a pulojekiti ku bizinesi kuti phindu lizimiririke. Wofufuza amazindikira mosavuta, chifukwa zolipira zomwezo zimapezekanso m'lipoti lopita kwa othandiza, kusonyeza kuti zinalipiridwa kale ndi ndalama ya thandizo. Ena sagawa n'komwe. Ndalama ya holo imalembedwa pa mzere umodzi wa zolowa zina, malisiti a nkhuku ndi mpunga asakanikirana ndi a maphunziro a kumudzi, ndipo pofika tsiku lofufuza palibe umboni wa zimene bizinesi inadya. Zolipira zopanda umboni zimakanidwa, phindu lokhomera msonkho limakwera, ndipo pamwamba pake pamabwera chilango ndi chiwongoladzanja cha zaka zimene bungwe linakhala chete.

Palinso ndalama imene mabungwe amangoitaya okha. Kampani kapena nthambi ya boma ikalipira bungwe pa lendi kapena pa ntchito, imadulirapo msonkho n'kuutumiza ku MRA, ndipo imapereka satifiketi yosonyeza zimene yadula. Msonkho wodulidwiratu umenewu ndi chikole cha msonkho wa kumapeto kwa chaka. Ngati makasitomala a bungwe lathu lija anadula K3 miliyoni, lingotsala ndi K4.2 miliyoni yoti lilipire, bola masatifiketiwo akhalepo ndipo fomu ya chaka iperekedwe. Bungwe lodziona kuti msonkho sulikhudza silitolera masatifiketi, silipereka fomu, ndipo K3 miliyoniyo imangokhala osaiwerengera.

Njira imene akatswiri a zowerengera ndalama amalimbikitsa ndi kupatula bizinesi kukhala kampani payokha, yokhala ndi mabuku ake, akaunti yake ndi TPIN yake. Kampaniyo imakhoma msonkho ngati ina iliyonse, ndipo zotsala zimapita ku bungwe. Chitsanzo chachikulu cha kaimidwe kotere chili pafupi, ku City Centre. Press Trust, imene nyumba ya malamulo inaikonzanso mu 1995 kuti izitumikira Amalawi onse, siyendetsa mashopu kapena banki ndi manja ake. Ili ndi masheya ambiri mu Press Corporation, kampani imene ili pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange, ndipo ndalama zimene imalandira pa masheyawo ndizo imathandizira sukulu, zipatala ndi ntchito zina. Bungwe laling'ono la holo imodzi lingaone ngati njirayi ndi yodula, poti mabuku awiri amafuna owafufuza kawiri, koma bizinesi ikakula mtengo umenewo umachepa poyerekeza ndi mkangano wa malisiti osakanikirana.

Maiko ena anaika malire ooneka ndi maso. Ku South Africa, kuyambira mu 2006, bungwe lovomerezeka ndi otolera msonkho a SARS silikhoma msonkho pa malonda ogwirizana kwambiri ndi cholinga chake, pa zochitika za apo ndi apo zoyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, ndiponso pa gawo loyamba la malonda ena onse, lomwe tsopano ndi R200,000 kapena 5 peresenti ya ndalama zonse zolowa, potengera chimene chakula. Mawu a m'lamulo lathu ndi aafupi kuposa pamenepo, ndipo n'chifukwa chake bungwe lanzeru limalembera MRA kufotokoza bizinesi yake lisanayambe, n'kusunga yankho lolembedwa.

Opereka nawonso ali ndi malire awo. Kampani yothandiza bungwe siingachotse choperekacho pa phindu lake lokhomera msonkho chifukwa choti bungwelo ndi lachifundo basi. Liyenera kukhala pakati pa amene nduna ya zachuma inawavomereza ndi kuwalengeza mu Gazeti ya boma. Ndipo ngakhale bungwe lisagulitse kanthu, limadula PAYE pa malipiro a antchito ake, limadula msonkho polipira mwini nyumba ndi alangizi, ndipo limalipira VAT pogula katundu pokhapokha litapatsidwa chilolezo chapadera. Malonda ake akapitirira mlingo woikidwa, liyeneranso kulembetsa VAT n'kumaitolera kwa makasitomala. PAYE ndi msonkho wodulidwiratu ziyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo fomu ya phindu la bizinesi imaperekedwa pasanathe masiku 180 chaka cha mabuku a bungwe chitatha.