Kutupa Miyendo ndi Kupweteka kwa Mutu kwa Amayi Oyembekezera: Nthawi Yoyenera Kuthamangira Kuchipatala

Zovuta zambiri zimene amayi oyembekezera amakumana nazo, monga nseru m'miyezi yoyambirira, chilungulira, kupweteka kwa msana ndi kukodza pafupipafupi, zimadza chifukwa cha kusintha kwa thupi ndipo sizoopsa. Komabe kutupa ndi kupweteka kwa mutu n'zofunika kuziyang'anitsitsa, popeza nthawi zina zimakhala chizindikiro cha matenda a kuthamanga kwa magazi amene amayamba pakati pakapitirira masabata 20.

Kutupa kosadetsa nkhawa kumaoneka m'mapazi ndi mu akakolo, makamaka m'miyezi itatu yomaliza. Chiberekero chikamakula chimapanikiza mitsempha yobweretsa magazi kuchokera kumiyendo, motero madzi amadikha m'munsi. Mayi amene wakhala chiimire pamsika kapena kumunda tsiku lonse amatupa madzulo, mapazi onse awiri mofanana, ndipo akagona chammbali chakumanzere atatsamiritsa miyendo pamalo okwera, pofika m'mawa kutupako kumakhala kutachepa. Mutu wobwera chifukwa cha dzuwa, njala kapena ludzu nawonso umaleka mayi akadya, akamwa madzi ndi kupumula.

Kutupa koopsa kumabwera mofulumira, m'masiku ochepa chabe, ndipo kumafika kunkhope ndi m'manja. Zikope zimatupa, mphete imakana kuvuka, ndipo mayi amadzuka m'mawa ali chitupire. Mutu wake umakhala waukulu, wosamva panado. Ena amaona zinthu mwachimbuuzi kapena tinthu tothwanima m'maso, ena amamva ululu pansi pa nthiti, makamaka kudzanja lamanja. Ululu umenewu ambiri amauyesa chilungulira, koma umachokera kuchiwindi ndipo suleka ngakhale mayi asinthe zakudya. Chizindikiro chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kuti mayi apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, osadikira tsiku la sikelo.

Mwachitsanzo, mayi wa pakati poyamba pa masabata 32, amene kusikelo magazi ake ankathamanga pa 110/70, wakhala akutupa mapazi madzulo kwa mwezi wathunthu. Mpaka apa palibe chodabwitsa. Koma Lolemba wadzuka nkhope itatupa, ndipo Lachiwiri mutu sukuleka ngakhale wamwa panado. Apabanja akuti mwina ndi mapasa, ndi bwino kudikira sikelo ya Lachisanu. Maganizo amenewo ndi olakwika, chifukwa ngakhale atakhaladi mapasa, pakati pa mapasa ndiye pamawonjezera chiopsezo cha matendawa. Atafika kuchipatala, anamwino amuyeza n'kupeza 165/112, ndipo mkodzo wake waonetsa mapuloteni, kusonyeza kuti impso zakhudzidwa. Muyeso wa 140/90 ndi wokwera kale kwa mayi woyembekezera, ndipo wa 160/110 ndi wangozi. Mayi wotere amagonekedwa, amapatsidwa mankhwala otsitsa kuthamanga kwa magazi ndi jakisoni wa maginiziyamu salifeti woteteza kukomoka, ndipo ngati ali pachipatala chaching'ono amatumizidwa kuchipatala cha boma. Madokotala akhoza kuganiza zoti achire masiku asanakwane, popeza gwero la matendawa ndi nsengwa, ndipo amayamba kutha mwana ndi nsengwayo zikatuluka.

Akachedwa, mayi amatha kugwa n'kuyamba kuphupha ngati wodwala khunyu. Zikatero amugoneke chammbali, asamuike kanthu kalikonse mkamwa, asamumwetse madzi kapena mankhwala azitsamba, ndipo apeze galimoto nthawi yomweyo.

Vuto lina n'lakuti amayi ambiri magazi awo amakwera osamva kalikonse m'thupi. N'chifukwa chake kusikelo, kumene mayi akuyenera kupitako maulendo 8, amayezedwa kuthamanga kwa magazi ulendo uliwonse, ndipo zotsatira zimalembedwa m'buku lake la kuchipatala. Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi a pakati poyamba, opitirira zaka 35, odwala shuga kapena impso, ndi amene anadwalapo matendawa pa pakati pam'mbuyo. Oterewa akakhala kutali ndi chipatala afunse anamwino za nthawi yoyenera kupita kuchidikiro. Matendawa amathanso kuyamba mayi atachira kale, choncho mutu waukulu kapena kusaona bwino m'masabata 6 oyamba kusanyozeredwe.

Kupatula zimenezi, mayi athamangire kuchipatala akaona magazi kunjira ya abambo, ngakhale ochepa; nsupa ikasweka; thupi likatentha, popeza malungo ndi oopsa kwa mayi ndi mwana yemwe; akamabanika; mwendo umodzi wokha ukatupa n'kumapweteka; kapena mwana akachepetsa kusuntha m'mimba kusiyana ndi masiku onse. Ponyamuka asaiwale buku la kuchipatala.