Umboni Woona Ukhoza Kunamiza

Otsatsa malonda akagwidwa amakonda kudziteteza ndi mawu akuti “sitinaname”, ndipo nthawi zina amanena zoona. Tiyerekeze kuti amayi 100 amwa tiyi wochepetsa thupi kwa miyezi itatu. Atatu achepa ndi makilogalamu 10, mwina chifukwa anasiyanso zakumwa zotsekemera n’kuyamba kuyenda wapansi. Ena 97 sanasinthe kwenikweni. Wotsatsa akuika pa Facebook zithunzi ziwiri za mmodzi mwa atatuwo, cha kale ndi cha tsopano. Mayiyo alipodi, kuchepako kunachitikadi, komabe wogula wanamizidwa, pakuti funso lake silinali lakuti “zinatheka kwa wina?” koma lakuti “ineyo ndiyembekezere chiyani?” Umboni umayankha funso loyamba lokha. Lachiwiri limayankhidwa ndi chimene akatswiri amachitcha zotsatira za nthawi zonse, kutanthauza zimene ogula ambiri amapeza.

Kusiyana kumeneku n’kumene bungwe loteteza ogula ku Amereka la FTC linatsindika mu 2009. Kale wotsatsa ankapulumuka polemba timawu ting’onoting’ono pansi toti si onse amapeza zotere. Kuyambira chaka chimenecho timawuto tokha sitikwanira: woonetsa zotsatira zapadera afotokozenso zimene anthu ambiri angayembekezere. Pa nkhani ya ndalama, bungwe la ESMA ku Ulaya linachita zofanana mu 2018. Linapeza kuti pa malonda a CFD, obetcha pa kukwera kapena kutsika kwa mitengo, maakaunti a anthu wamba 74 mpaka 89 pa 100 alionse ankaluza, ndipo linalamula kampani iliyonse kulemba pa chenjezo chiwerengero cha oluza ake. Mnyamata wotsamira galimoto yonyezimira pa chithunzi chotsatsa malondawa ndi umboni. Chiwerengerocho ndicho chikuonetsa anzake amene sanajambulidwe.

Kampani ya Meta, mwini wa Facebook, inasankha njira yachidule: imakana zithunzi zakale ndi zatsopano zoikidwa pamodzi potsatsa mankhwala ochepetsa thupi, ndipo malonda oterewa saloledwa kulunjika kwa ana osakwana zaka 18. Ena amadandaula kuti lamuloli limapweteka ndi wamalonda wachilungamo yemwe. N’zoona, ndipo dandauloli si lopepuka. Koma amene akuunika malonda miyandamiyanda sangadziwe ngati zithunzizo zinatalikirana miyezi itatu kapena mphindi zitatu. Pa choyamba munthu wawerama, mimba waitulutsa, kuwala n’kochepa, nkhope yakugwa. Pa chachiwiri waima njo, mimba waikokera m’kati, tsitsi lakonzedwa. Zonsezi zimatheka m’mawa umodzi popanda kusintha chithunzi pa kompyuta.

Vuto ndimaliona penapake. Lamulo loletsa chithunzi limagwira maonekedwe, osati tanthauzo, choncho wotsatsa wochenjera amangochotsa chithunzicho n’kuika kanema wa mayi uja akusimba yekha. Wogula akumvabe nkhani ya munthu mmodzi, amayi 97 aja osatchulidwa. N’chifukwa chake njira ya ESMA ndiyo ndikuiona yamphamvu: siichotsa umboni, koma imakakamiza wotsatsa kuika chiwerengero cha olephera pafupi ndi nkhope ya wopambana.