Lamulo loletsa kuthamanga ndi mpira mu ntchemberembaye lidachokera kwa amuna

Mukafunsa ochemerera pa bwalo la ntchemberembaye chifukwa chake wosewera saloledwa kuthamanga ndi mpira m'manja, ambiri amayankha mofanana. Amati azungu akale ankaona ngati akazi ndi ofooka, ndipo madiresi awo ofika m'mapazi sankawalola kuthamanga. Yankholi lafala kwambiri, koma mbiri ikusonyeza kuti lamuloli lidalembedwa akazi asanayambe n'komwe kusewera, ndipo oyamba kulitsata adali anyamata amphamvu zawo.

Mu Disembala 1891, mphunzitsi wa masewera James Naismith wa ku Springfield, m'dera la Massachusetts ku America, adauzidwa kuti apeze masewera ochitira m'nyumba nthawi yachisanu. Iye adaona kuti m'masewera ngati ragibe anthu amagwetsana chifukwa amafuna kuimitsa amene akuthamanga ndi mpira. Kugwetsana kotero pa thabwa louma kukadathyola anthu mafupa. Adaganiza kuti wogwira mpira akaletsedwa kuthamanga, palibenso chifukwa chomugwetsera. Mwa malamulo 13 a basiketibo amene adasindikizidwa mu Januwale 1892, lachitatu linkanena kuti munthu aponye mpira ali pomwe waugwirira. Lidasiyanso mpata kwa amene wagwira mpira ali pa liwiro, malinga ngati akuyesetsa kuima. Mpata umenewu ndiwo gwero la lamulo la mapazi lomwe tili nalo lero.

Akazi adayamba kusewera posakhalitsa. Mu 1892 Senda Berenson adayambitsa masewerawa pa koleji ya akazi ya Smith. Apa m'pomwe maganizo a nthawiyo onena za thupi la mkazi adalowerera: bwalo lidagawidwa patatu, kutsomphola mpira m'manja mwa mnzako kudaletsedwa, ndipo wosewera sankaloledwa kuusunga kupitirira masekondi atatu. Choncho onena za madiresi aja ali ndi mbali ya choonadi, koma ikukhudza magawo a bwalo. Kuletsa kuthamanga ndi mpira kudalipo kale.

Masewerawa adafika ku England m'zaka za m'ma 1890, pa koleji ya aphunzitsi achikazi ya Martina Bergman-Österberg, yomwe idasamukira ku Dartford mu 1895. Kumeneko madengu adalowedwa m'malo ndi mikombero yokhala ndi ukonde, ndipo mu 1901 bungwe la Ling Association lidasindikiza malamulo oyamba. Pamene osewera basiketibo adapeza njira yozembera lamulo la Naismith poyenda akunjanjitsa mpira pansi, ntchemberembaye idakana njira imeneyo. Masewera awiriwa adasiyana pamenepo.

Kwa zaka zambiri dziko lililonse linkasewera mwa njira yake, ena asanu ndi awiri mbali imodzi, ena asanu ndi anayi. Mu 1960 nthumwi za mayiko zidakumana ku Ceylon, komwe lero ndi ku Sri Lanka, n'kukhazikitsa bungwe la dziko lonse ndi malamulo amodzi. Mpikisano woyamba wa dziko lonse udachitikira ku Eastbourne mu 1963. Kuyambira pamenepo mtsikana wa ku Mchinji ndi katswiri wa ku Sydney amatsata lamulo limodzi la mapazi.

Lamulolo lagona pa phazi lotera, lomwe ndi phazi loyamba kukhudza pansi wosewera atagwira mpira, kapena lomwe lidali kale pansi pougwira. Phazi limeneli akhoza kuzungulirapo uku linalo likuponda kangapo mbali iliyonse. Akhozanso kulinyamula. Choletsedwa ndi kulibwezera pansi mpira udakali m'manja, kulikhwekhwereza, kapena kudumphadumpha ndi mwendo umodzi. Akatera ndi mapazi onse nthawi imodzi, amasankha yekha loyamba kusuntha, ndipo lotsalalo ndilo limakhala lotera. Akadumpha ndi onse awiri, asaterenso ndi onse awiri mpira udakali m'manja. Akalakwitsa, woimbira amapereka mpira kwa timu inayo pomwe cholakwacho chachitikira.

Tiyerekeze senta amene akuthamangira kutsogolo, n'kugwira mpira ali m'malere. Phazi lamanja lakhudza pansi: limenelo ndilo lotera. Liwiro likumukankha, choncho lamanzere laponda kutsogolo, ndipo palibe cholakwa. Lamanja lanyamuka n'kuyamba kupita kutsogolo, ndipo mpaka pano wezulo sayenera kulira. Mpira ukachoka m'manja phazi lamanjalo lidakali m'mwamba, senta wapatsira bwino lomwe osaima ngakhale pang'ono. Likangokhudza pansi mpira asanautaye, walakwa. Woimbira wodziwa ntchito amayamba waloweza phazi lomwe latera, kenako n'kuona chomwe chayamba pakati pa mpira kuchoka ndi phazilo kubwerera pansi.

Phazi lomwelo ndilonso muyeso wa wotchinga. Iye ayenera kuima mtunda wa mamita 0.9, ndipo mtundawo umayesedwa kuchokera pa phazi lotera, kapena pamalo pomwe lidali ngati lanyamulidwa. Ndiye chifukwa chake womwetsa zigoli akaponda kutsogolo kuti ayandikire golo, wotchinga amene adaima bwino sakakamizidwa kubwerera m'mbuyo. Lamulo la mapazi likadachotsedwa, lamulo la kutchinga likadasowa poyambira.

Vuto lidabwera m'kaphunzitsidwe. M'masukulu ambiri lamuloli lidafupikitsidwa kukhala mawu awiri okha: gwira, ima. Ana amakula akuopa wezulo, ndipo akagwira mpira amaumitsa mwendo n'kuuponda mwamphamvu kuti thupi lonse liime nthawi yomweyo. Kutera ndi bondo lowongoka, kapena lopindikira m'kati, uku thupi likutembenuka, ndi njira yodziwika bwino imene mtsempha wa m'kati mwa bondo umadukira, ndipo wovulala motere amatha miyezi yambiri osalowa m'bwalo. Pa mabwalo athu a dothi pali vuto linanso. Mwana wofuna kuima mwadzidzidzi pa fumbi amatsetsereka, phazi lotera n'kusiya mzere pansi, ndipo mzere umenewo ndi umboni wokwanira kuti woimbira amulande mpira. Amalangidwa chifukwa cha chinthu chomwe adaphunzitsidwa kuti chimuteteza.

Mankhwala ake ali m'lamulo momwemo. Wosewera atere ndi bondo lopinda loloza kumene zala za phazi zaloza, ndipo alole phazi lachiwiri kulandira liwiro lotsala. Akakhala ndi mpata, atere ndi mapazi onse awiri otalikirana pang'ono, chifukwa potero katundu amagawika pa miyendo iwiri ndipo amakhala ndi ufulu wosankha kozungulira. Masekondi atatu ndi okwanira kutera, kuzungulira ndi kuona mnzake womasuka.

Aphunzitsi a masewera m'masukulu mwathu, musanaphunzitse mwana kuponya, muphunzitseni kudziwa phazi lomwe watera nalo. Muuzeni alitchule mokweza nthawi iliyonse akagwira mpira, lamanja kapena lamanzere, mpaka azolowere. Naismith adaletsa kuthamanga ndi mpira kuti osewera asavulale, ndipo mphunzitsi amene kaphunzitsidwe kake kakuwononga mawondo a ana walisokoneza lamulolo.