Mawu anayi otsegula lipoti la bajeti

Lipoti la bajeti likanena kuti unduna kapena khonsolo "yagwiritsa ntchito" ndalama zakutizakuti, funso loyamba nlakuti: ndalamazo zili pa sitepe iti? Pali mawu anayi amene akatswiri a zachuma amasiyanitsira masitepewo: komitimenti, obuligeshoni, akuruwo ndi disibesimenti. Tiwalongosola potsatira chitsanzo chongoyerekeza cha khonsolo imene Nyumba ya Malamulo yaivomerezera K100 miliyoni yogulira madesiki m'chaka cha boma, chomwe kuno ku Malawi chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi.

Komitimenti: ndalama zopatulidwa

Mu Juni, khonsolo ikupatula K80 miliyoni m'mabuku ake kuti igulire madesiki 1,500, ndipo ikuitanitsa amalonda kuti apikisane. Iyi ndiyo komitimenti. Palibe tambala imene yatuluka, koma ndalamazo zili ndi ntchito kale ndipo sizingapatsidwenso ina. Pa sitepe imeneyi khonsolo ingathe kusintha maganizo popanda woisumira.

Obuligeshoni: lonjezo lomanga mwalamulo

Mu Ogasiti, khonsolo ikusainirana mgwirizano ndi kampani imene yapambana, pa mtengo wa K50,000 desiki imodzi, zomwe zikukwana K75 miliyoni. Tsopano yadzimanga: kampaniyo ikakwaniritsa mbali yake, boma liyenera kulipira, ndipo likakana nkhani ingathe kukathera kukhothi. K5 miliyoni imene yatsala pa zopatulidwa zija yamasuka.

Apa mpofunika kusamala, chifukwa malipoti sagwiritsa ntchito mawu awiriwa mofanana. Boma la Amereka limawasiyanitsa monga tachitiramu, pomwe malipoti a maiko ena ambiri amatchula kusaina mgwirizano kapena kupereka oda kuti komitimenti. Choncho yambani mwawerenga pamene lipoti likutanthauzira mawu ake.

Akuruwo: katundu wafika, kaya walipiridwa kapena ayi

Mu Febuluwale, kampani ikubweretsa madesiki 1,000 ndipo khonsolo ikuwalandira. Mtengo wake ndi K50 miliyoni. Kawerengedwe ka akuruwo kamalemba ndalama zimenezi pa tsiku limene katundu walandiridwa kapena ntchito yagwiridwa, ngakhale invoisi isanafike. Zili ngati madzi a pampopi: ngongole imayamba mukamatunga, osati tsiku limene bilu yabwera.

Disibesimenti: ndalama zatulukadi

Mu Malichi, khonsolo ikutumiza K30 miliyoni kuakaunti ya kampaniyo. Iyi yokha ndiyo disibesimenti, kutanthauza ndalama zimene zachoka m'thumba la wolipira.

Liwuli limasokonezanso pa nkhani ya thandizo lakunja. Banki Yaikulu Padziko Lonse ikavomereza ndalama za pulojekiti, imazitulutsa pang'onopang'ono kwa zaka zingapo. Ikanena kuti yatulutsa gawo lina, nthawi zambiri ndalamazo zangofika muakaunti ya pulojekiti. Sizitanthauza kuti msewu kapena chipatala chamangidwa. Chimodzimodzi, Unduna wa Zachuma ukatumiza ndalama kukhonsolo, wamalonda amakhala asanalandire kanthu.

Mmene mungawerengere manambalawa pamodzi

Pofika pa 31 Malichi, mabuku a khonsolo ija akuonetsa bajeti ya K100 miliyoni, mgwirizano wa K75 miliyoni, katundu wolandiridwa wa K50 miliyoni ndi malipiro a K30 miliyoni. Manambalawa saphatikizidwa, chifukwa ndi ndalama zomwezomwezo pa masitepe osiyana. Chofunika nkuchotsera.

Mukachotsa K30 miliyoni pa K50 miliyoni, mutsala ndi K20 miliyoni, yomwe ndi ngongole ya madesiki amene ana akukhalira kale. Mukachotsa K50 miliyoni pa K75 miliyoni, mupeza K25 miliyoni ya madesiki 500 amene sanabwere. Ndalama zimene zilibe mwini ndi K25 miliyoni yokha, ngakhale lipoti loyang'ana malipiro okha lingaoneke ngati likunena kuti K70 miliyoni idakalipo.

Vuto lalikulu limabadwira pa K20 miliyoni ija. Tsiku lolipira limene lili mumgwirizano likadutsa, imasanduka ngongole yotsalira, imene ingathe kubala chiwongoladzanja ndiponso kudya bajeti ya chaka chotsatira. Wamalonda amene sanalipidwe amavutika kubweza ngongole yake kubanki, ndipo ulendo wina amakweza mtengo pogulitsa kuboma. Lipoti lowerengera ndalama zotuluka zokha silionetsa ngongole yotereyi, kotero ofesi imene ikuchedwetsa malipiro imaoneka ngati yosamala chuma.

Chizindikiro china nchakuti migwirizano yosainidwa ikaposa ndalama zimene zidavomerezedwa, ofesiyo yalonjeza zimene ilibe. Koma malipiro akaposa katundu wolandiridwa, ndiye kuti wina walipidwiratu, ndipo nkoyenera kufunsa ngati mgwirizano udalola zimenezo komanso ngati katunduyo adzafikadi.